Kuika VPN pa foni: masitepe ake, zimene imabisa ndi zimene imasiya poyera

Pa 12 Ogasiti 2021, tsiku la chisankho, WhatsApp, Facebook, Instagram ndi Twitter zinasiya kugwira ntchito pa mafoni ambiri muno m'Zambia. Intaneti inalipo ndithu, masamba ena ankatseguka, koma uthenga wa pa WhatsApp unkangokhala ndi kawotchi kaja osapita. Tsiku lotsatira Khoti Lalikulu linalamula bungwe la ZICTA, loyang'anira za mafoni ndi intaneti, kuti zinthu zibwerere mwakale, a bungwe lomenyera ufulu wa anthu la Chapter One Foundation atakasuma. Anthu ambiri a mu Lusaka anamva za VPN koyamba masiku amenewo. Mnzako ankangotenga foni yako, n'kuikamo kapulogalamu, n'kudina batani, mauthenga n'kuyamba kulowa. Mapulogalamu ena amene anaikidwa mothamanga choncho adakali m'mafoni, eni ake osadziwa kuti anapanga ndani. Ndipo kuyambira pamenepo kunafala maganizo akuti munthu akayatsa VPN ndiye kuti wabisala kwa aliyense. Maganizo amenewa amandidetsa nkhawa, chifukwa amachititsa munthu kutayirira pa zinthu zimene VPN sizikhudza n'komwe.

Tiyambe ndi chimene chimachitika mukatsegula tsamba lililonse popanda VPN. Foni yanu imadutsira kwa amene akukupatsani intaneti, kaya ndi Airtel, MTN, Zamtel, kapena mwini wayifayi ya pa loji, pa sukulu kapena ku ofesi. Masiku ano masamba ambiri ali ndi `https` kumayambiriro kwa adiresi, ndipo zimenezi zikutanthauza kuti zimene mukulemba ndi kuwerenga pa tsambalo n'zobisika kale, wonyamulayo sangaziwerenge. Chimene amaona ndi dzina la kumene mukupita, nthawi imene mwapita, ndi kuchuluka kwa data imene yadutsa. Amadziwa kuti munatsegula tsamba la banki yakuti kapena la chipatala chakuti, ngakhale sadziwa zimene munachita kumeneko. Dzina limeneli ndi limene amagwiritsanso ntchito akafuna kutseka tsamba.

VPN imagwira ntchito ngati mmene timatumizira katundu pa Intercity. Tinene kuti makalata anu onse mwawaika m'bokosi limodzi lokhoma, pamwamba n'kulembapo dzina la munthu mmodzi wa ku Chipata. Kondakitala akudziwani kuti ndinu mwatumiza, waona kulemera kwa bokosi, waonanso dzina la wolandira, koma sadziwa kuti m'katimo muli makalata opita ku Katete, ku Lundazi ndi ku Chadiza. Wa ku Chipata uja ndiye ali ndi kiyi. Amatsegula bokosi, n'kutumiza kalata iliyonse kwa mwini wake, ndipo mayankho amabwereranso kudzera mwa iye. Munthu ameneyu ndi seva, kapena kuti kompyuta yaikulu, ya kampani ya VPN. Choncho zimene kale ankaona wa netiweki, tsopano akuziona ndi wa VPN. Mwangosintha munthu womukhulupirira, ndipo n'chifukwa chake sitepe yoyamba, yosankha kampani, ndi yolemera kuposa masitepe ena onse pamodzi.

Kusankha pulogalamu

Mukalemba VPN mu Play Store mumapeza mapulogalamu ambirimbiri, onse odzitcha aulere, othamanga ndi otetezeka. Mu 2016 akatswiri a bungwe la CSIRO la ku Australia pamodzi ndi anzawo a m'mayunivesite anayesa mapulogalamu 283 a VPN a pa Android. Anapeza kuti 18 pa 100 alionse sankabisa data konse, ndipo 38 pa 100 alionse anali ndi zizindikiro za mapulogalamu oipa. Panalinso VPN ina yotchedwa Onavo Protect, yomwe mwini wake anali Facebook. Inali yaulere, koma inkasonkhanitsa zoti anthu akugwiritsa ntchito mapulogalamu ati pa mafoni awo. Inachoka mu App Store mu 2018, ndipo mu Play Store inachoka mu 2019. Kuyendetsa maseva kumadya ndalama mwezi ndi mwezi. Mukaona kampani yosalipiritsa aliyense, yosadziwika kumene ili, yodzaza ndi zotsatsa malonda, dzifunseni kuti ndalamazo ikuzitenga kuti.

Pano ndigwiritsa ntchito Proton VPN ngati chitsanzo, pa zifukwa zoti mungazifufuze nokha. Kampani yake ndi yodziwika, ili ku Switzerland. Mmene mapulogalamu ake analembedwera zili poyera kuti akatswiri aziona. Gawo lake laulere silikuikirani malire a data, ndipo limayenda ndi ndalama za anthu amene amalipira gawo lapamwamba. Alipo makampani ena abwino, makamaka olipira, ndipo masitepe ake amafanana. Koma gawo laulereli lili ndi malire ake: limagwira chipangizo chimodzi pa nthawi imodzi, ndipo simusankha dziko, pulogalamu imakusankhirani seva m'maiko monga Netherlands, Japan kapena America.

Chimene ndikuletsani ndi mtima wonse ndi ichi: musalandire VPN ngati fayilo ya `.apk` yotumizidwa pa gulu la WhatsApp kapena yoponyedwa kuchoka pa foni ya munthu. Ngakhale mukakonzetsa foni ku Town Centre kapena ku Katondo, wokonza akati akuikireni mapulogalamu, VPN yokha ikani nokha. Fayilo yotere munthu angathe kuisintha m'kati n'kusiya dzina ndi chizindikiro zili bwinobwino. N'chimodzimodzi ndi timafayilo tija amagulitsa anyamata ponena kuti mukhala ndi intaneti yaulere mwezi wonse. Timeneto cholinga chake ndi kuzembetsa data kuti isalipiridwe, ndipo zonse zimene mukuchita zimadutsa pa seva ya munthu amene simukumudziwa ngakhale dzina.

Kuika pa foni ya Android

Musanayambe, onani kuti muli ndi bandulo ya data wamba kapena wayifayi, komanso kuti deti ndi nthawi pa foni zili zolondola. Foni imene inathima nthawi yaitali n'kubwerera ku deti lakale imakana kulumikiza VPN, ndipo munthu amataya nthawi kuganiza kuti pulogalamu ndiyo yafa. Ngati muli VPN yakale imene simukuikumbukira, ichotseni, popeza Android imalola VPN imodzi yokha kuyaka pa nthawi imodzi.

Tsegulani Play Store, lembani Proton VPN, ndipo musanadine Install yang'anani dzina la wopanga pansi pa dzina la pulogalamu. Liyenera kukhala Proton AG. Ikatha kulowa, itseguleni n'kupanga akaunti ndi imelo yanu, kusankha gawo lolembedwa Free. Pasiwedi ikhale yatsopano, osati ija mumagwiritsa ntchito pa Facebook. Kenako dinani Connect.

Nthawi yoyamba foni imatulutsa kabokosi kolembedwa Connection request. Kamanena kuti pulogalamuyi ikufuna kukhazikitsa VPN imene ingathe kuona zonse zodutsa pa intaneti ya foni yanu, ndipo muvomere pokhapokha ngati mukuikhulupirira. Uthenga umenewu umachokera ku Android yeniyeniyo, ndipo ukunena zoona. Ngati mwatsimikiza za wopanga, dinani OK. Koma tsiku lina kabokosi komweka kakadzatuluka pa pulogalamu ya tochi, ya masewera kapena yoyeretsera foni, mudzakane. Mukavomera, pamwamba pa sikirini pafupi ndi chizindikiro cha batire pamaoneka kakiyi kakang'ono, kapena zilembo za VPN pa mafoni ena.

Anthu ambiri amalekera pamenepa, chonsecho patsala sitepe yofunika. Netiweki ya m'tauni muno imadukaduka: mukuchoka ku Matero pa minibasi kupita m'tauni, foni ikusintha nsanja, kapena magetsi athima wayifayi n'kuzima foni n'kudumphira pa data. Pa timasekondi timeneto VPN imatha kuduka, ndipo foni imapitiriza kutumiza zinthu poyera inu osadziwa. Kuti zisachitike, lowani mu Settings, kenako Network & internet, kenako VPN. Pa Samsung njira yake ndi Connections, More connection settings, VPN. Pa Tecno, Itel ndi Infinix malo ake amasiyana malinga ndi mtundu wa foni, ndiye chapafupi n'kulemba VPN m'kabokosi kofufuzira pamwamba pa Settings. Pafupi ndi dzina la pulogalamu pali chizindikiro chonga kagudumu. Dinani pamenepo, muona maswichi awiri.

Yoyamba ndi Always-on VPN. Imeneyi imachititsa kuti VPN izidziyatsa yokha foni ikayaka ndiponso ikaduka. Yachiwiri ndi Block connections without VPN, imene imatseka intaneti yonse ya foni ngati VPN sinalumikize. Yachiwiriyi ndiyo imatseka mpata uja, koma ili ndi mtengo wake. Seva ikakhala ndi vuto, foni yonse imakhala ngati ilibe data, ngakhale bandulo ili yodzaza. Ngati mumagwira ntchito yofuna kusamala kwambiri, monga utolankhani, zamalamulo kapena kusunga nkhani za odwala, yatsani zonse ziwiri. Ngati mukufuna VPN pa wayifayi ya anthu ambiri pokha, mungazisiye zonse zozima, n'kumayatsa VPN ndi dzanja mukafika pamalopo.

Chotsalira pa Android ndi batire. Mafoni ambiri otsika mtengo amapha mapulogalamu amene akugwira ntchito kuseri pofuna kusunga moto. Mukaona kakiyi kakusowa nthawi iliyonse sikirini ikazima, pitani ku Settings, Apps, sankhani pulogalamu ya VPN, Battery, n'kuika pa Unrestricted, kapena pa mawu ofanana nawo amene foni yanu ili nawo.

Pa iPhone n'zachidule. Tengani pulogalamu mu App Store, lowani, dinani Connect. Foni ikufunsani ngati mukulola kuti VPN iikidwe. Dinani Allow n'kulemba manambala otsegulira foni. Mudzaipeza mu Settings, General, VPN & Device Management. Chotsekera intaneti VPN ikaduka chili m'kati mwa pulogalamu yeniyeniyo, pa dzina lakuti Kill switch.

Kuyesa ngati ikugwiradi ntchito

Kakiyi kokha sikakwanira kukhala umboni. Zimitsani VPN kaye, tsegulani Chrome kapena Safari, pitani pa `ipleak.net`. Tsambalo likuonetsani nambala ya foni yanu pa intaneti, imene imalembedwa IP, pamodzi ndi dziko la Zambia ndi dzina la kampani imene ikukupatsani intaneti. Lembani nambalayo penapake. Tsopano yatsani VPN n'kutsegulanso tsambalo. Nambala iyenera kusintha, dziko liyenera kukhala la kumene kuli seva, ndipo dzina la netiweki yanu lisaonekenso.

Tsikirani pansi pa tsamba lomwelo, pagawo lolembedwa DNS. Foni isanatsegule tsamba lililonse imayamba yafunsa kuti dzina limeneli lili pa nambala iti, ndipo DNS ndi kumene imafunsako. VPN yosapangidwa bwino imabisa zina zonse koma mafunso amenewa n'kumawatumizabe kwa netiweki yanu, moti mndandanda wa masamba amene mukutsegula umakhala ukuonekabe. Mukaona dzina la kampani ya kuno pagawo limeneli VPN ili yoyaka, ndiye kuti ikudontha. Zimitsani ndi kuyatsanso foni, muyesenso. Zikapitirira, pulogalamuyo ichotseni. Ngati munayatsa Block connections without VPN, yesaninso iyo: dulani VPN m'kati mwa pulogalamu, kenako tsegulani tsamba lililonse. Likatseguka, swichi ija sinagwire.

VPN yochokera kuntchito

Ena VPN amapatsidwa ndi a kuntchito kuti azitha kulowa m'makompyuta a ofesi ali kunyumba. Nthawi zambiri amakuuzani kuti muike pulogalamu ya WireGuard, n'kukupatsani fayilo kapena chithunzi cha QR. Mumatsegula pulogalamuyo, kudina `+`, kusankha Scan from QR code, kuloza kamera pa chithunzicho, kupatsa dzina, n'kuyatsa swichi. Chithunzicho chili ndi kiyi yanu yachinsinsi m'kati, choncho musachitumize kwa munthu wina. Mukadina dzina lija muona mizere ngati iyi:

```
Endpoint = vpn.example.com:51820
AllowedIPs = 0.0.0.0/0, ::/0
```

Mzere wachiwiriwo muuwerenge bwino. Ukakhala monga ulili apa, zonse za pa foni yanu zikudutsa ku ofesi, kuphatikizapo masamba amene mumatsegula usiku pa nkhani zanu. Ukakhala ndi manambala ena, monga `10.0.0.0/8`, zopita ku makompyuta a ofesi zokha ndizo zikudutsa m'menemo, zina zonse zikuyenda mwa masiku onse ndipo sizinabisike. Pa WireGuard swichi imatha kuoneka yoyaka ngakhale seva isakuyankha. Choonera ndi mzere wolembedwa Latest handshake. Ukakhalapo n'kumaonetsa masekondi kapena mphindi zochepa, mwalumikizadi. Ukasowa, palibe chikudutsa.

Tsiku limodzi la foni yokhala ndi VPN

Tiyerekeze amayi ena a ku Mtendere amene amaoda zitenje ku Kamwala n'kumagulitsa kudzera pa foni. VPN aika bwinobwino monga tafotokozera, ndipo masana alowa pa wayifayi ya malo ena odyera ku East Park.

Choyamba atsegula tsamba la sitolo ina ya kunja kuti aone mitengo. Apa VPN yagwira ntchito yake yeniyeni. Mwini wayifayi, kapena wina aliyense amene wakhala pamenepo ndi kompyuta akusuzumira, akungoona kuti foni ina ikulankhula ndi seva imodzi ya ku Netherlands. Sitolo nayo ikuona nambala ya seva ija, osati ya ku Lusaka. Ngati wayifayiyo ndi yabodza, yoikidwa ndi munthu amene wangoipatsa dzina lofanana ndi la malowo, zimene angatole n'zochepa kwambiri.

Kenako atumiza zithunzi za zitenje kwa kasitomala pa WhatsApp. Mauthenga a WhatsApp akhala obisika kuyambira pa foni yotumiza kufika pa yolandira kuchokera mu 2016, ndiye VPN sinawonjezere chilichonse pa chinsinsi cha mawuwo. Yangobisa kwa mwini wayifayi kuti amayiwa ali pa WhatsApp. Nambala yawo ya foni ikuonekabe kwa kasitomala, ndipo kasitomalayo angathe kujambula sikirini n'kutumiza kwina.

Atatero alowa pa Facebook ndi kulemba ndemanga pansi pa nkhani ina. Apa ndi pamene anthu amanamizika kwambiri. Alowa ndi akaunti yawo, dzina lawo ndi chithunzi chawo zili pomwepo, ndipo akauntiyo anaitsegula ndi nambala imene analembetsa ndi reji yawo. Facebook ikuwadziwa, Google ikuwadziwa, owerenga akuwadziwa. Kudutsira ku Netherlands sikunasinthe chilichonse mwa zimenezi. Mu Epulo 2025 malamulo awiri atsopano, Cyber Security Act ndi Cyber Crimes Act, analowa m'malo mwa lamulo la mu 2021, ndipo chimene munthu walemba poyera ndi dzina lake chimakhala chake pamaso pa lamulo, kaya kakiyi kanali koyaka kaya kozima.

Madzulo foni ilira. Mwamuna wa mawu aulemu akuti, “Amayi, mwaswera bwanji? Ndikuimba kuchokera ku ofesi ya mobayilo mane. Akaunti yanu yatsala pang'ono kutsekedwa, mundiwerengere manambala amene alowa pa foni yanu pompano.” Kuimba wamba, mameseji wamba, ndi manambala aja timayamba ndi nyenyezi n'kumaliza ndi `#` potumiza ndalama, zonsezi sizidutsa pa intaneti. Zimayenda pa netiweki ya foni mwachindunji, ndipo VPN sizifika n'komwe. Amayiwa akawerenga manambalawo kapena kutchula pini, ndalama zapita. N'chimodzimodzi ndi meseji ija yakuti ndalama zija mutumize pa nambala iyi, kapena linki yolonjeza mphatso imene imatsegula tsamba lofanana ndi la banki. Tsamba labodza VPN imalitsegula mokhulupirika ngati loona, ndipo pasiwedi imakafika kwa wakuba ili yotetezedwa bwino m'njira monse. Kwa ine apa ndi pamene pagona nkhani, chifukwa ndalama za anthu ambiri zimabedwa mwa njira imeneyi, osati ndi munthu wosuzumira pa wayifayi.

Pomaliza amayiwa akwera basi kubwerera kunyumba. Foni yawo ikulumikizana ndi nsanja imodzi pambuyo pa inzake, ndipo kampani ya netiweki ikudziwa dera limene simu yawo ili, pamodzi ndi nambala ya foni yeniyeniyo yotchedwa IMEI. Google Maps ikuwaonetsa ali pa Great East Road chifukwa imagwiritsa ntchito GPS. Ngati anaikapo kapulogalamu ka ngongole n'kukalola kuona manambala a anzawo, zithunzi ndi malo amene ali, kapulogalamuko kakutumizabe zonsezo kwa eni ake kudzera mu VPN momwemo. Mankhwala a zimenezi ali mu Settings, pa Permissions ya pulogalamu iliyonse.

Nkhani ya bandulo

Vuto limene limadabwitsa anthu ambiri kuno ndi la ndalama. Mabandulo otchipa a WhatsApp ndi Facebook okha amagwira ntchito chifukwa netiweki imaona kumene data ikupita n'kuichotsa pa bandulo yoyenera. VPN ikayaka netiweki siionanso zimenezo. Ndiye data imachotsedwa pa bandulo wamba, ikapanda kukhalapo imatha kudya tokotayimu, kapena intaneti imangoima. Munthu amadandaula kuti wagula bandulo ya mlungu wonse koma WhatsApp sikuyenda, chonsecho vuto ndi kakiyi kali pamwambako. Ngati bandulo yanu ndi ya mtundu umenewu, zimitsani VPN mukakhala pa data, ndipo kumbukirani kuti Always-on VPN iyenera kuzimitsidwanso, apo ayi idziyatsanso yokha.

Ngakhale pa bandulo wamba VPN imadyako pang'ono, chifukwa kachidutswa kalikonse ka data kamakutidwa ndi zina zowonjezera. Pokopera mafayilo akuluakulu zowonjezerazo zimakhala cha m'ma 5 pa 100 alionse, ndipo pa kuimba kwa pa intaneti zimaposa pamenepo chifukwa tizidutswa take n'tating'ono. Liwiro nalo limatsika. Tsamba la kampani ya muno mu Lusaka, mukalitsegula kudzera pa seva ya ku Japan, data yanu imapita ku Japan n'kubwerera. Pa kuwerenga simungazindikire kwambiri, koma pa kuimba kwa vidiyo mawu amachedwa. Amene amalipira ndipo angathe kusankha dziko, seva ya ku Johannesburg nthawi zambiri imayankha msanga kuposa za ku Ulaya.

Zikavuta

Mukafika pa wayifayi ya hotelo kapena ya pabwalo la ndege la Kenneth Kaunda, kawirikawiri pamayamba patuluka tsamba lofuna kuti muvomereze kapena mulembe nambala ya chipinda. Ngati Block connections without VPN ili yoyaka, tsambalo lingakane kutseguka, ndipo VPN nayo singalumikize musanadutse pa tsambalo. Zimitsani swichiyo kwa kanthawi, malizani za tsambalo, lumikizani VPN, kenako yatsaninso swichi.

Pulogalamu ya banki ikakana kutseguka kapena ikakutulutsani, mwina yaona kuti mukulowa kuchokera kudziko lina. Zimitsani VPN n'kugwiritsa ntchito data ya pa simu yanu, osati wayifayi ya anthu ambiri. Mapulogalamu a mabanki amabisa okha zimene akutumiza, ndiye simunataye chitetezo chachikulu. Google ikayamba kukuonetsani zinthu m'chilankhulo chachilendo kapena kukufunsani kuti musankhe zithunzi za mabasi ndi maloboti, palibe chaonongeka. Anthu ambiri akutulukira pa nambala imodzi ya seva, ndipo Google ikufuna kutsimikiza kuti ndinu munthu.

VPN ikamangozungulira osalumikiza, pamene intaneti popanda iyo ikuyenda, mwina netiweki imene mulipo ikutsekereza VPN. Maofesi ndi masukulu ena amatero dala. Mu Settings ya pulogalamu ya Proton muli malo olembedwa Protocol, ndipo mukasankha Stealth data yanu imaoneka ngati ya masamba wamba, moti nthawi zambiri imadutsa. Izi zikusonyezanso malire ena: wa netiweki amatha kudziwa kuti mukugwiritsa ntchito VPN ngakhale sakuona za m'kati. Ndipo ngati intaneti yazimitsidwa yonse, kapena nsanja ya kwanuko yathima, VPN ilibe podutsa. Imathandiza pokhapokha atatseka masamba ena n'kusiya ena. Pulogalamu ndi akaunti muzikhale nazo kale zinthu zili bwino, chifukwa pa nthawi ya kutsekedwa tsamba lotengera pulogalamuyo nalo lingavute kutsegula.

Chinthu china chimene ambiri sadziwa ndi cha hotisipoti. Mukayatsa VPN pa foni n'kugawira laputopu kapena foni ya mwana intaneti, zipangizo zinazo sizidutsa mu VPN ya foni yanu. Data yawo imatuluka mwachindunji pa netiweki. Mungatsimikize potsegula `ipleak.net` pa laputopuyo: muona Zambia ndi dzina la netiweki yanu, pamene foni ikuonetsa dziko lina. Chipangizo chilichonse chimafuna VPN yakeyake, ndipo popeza gawo laulere la Proton limalola chimodzi pa nthawi imodzi, muyenera kuzimitsa pa foni musanayatse pa laputopu, kapena kulipira gawo lolola zipangizo zingapo.

Mukafuna kuichotsa, yambani mwazimitsa Block connections without VPN ndi Always-on VPN, kenako chotsani pulogalamuyo monga mumachotsera ina iliyonse. Bwererani ku Settings, pa VPN, muone ngati dzina lake lachoka. Ngati lilipobe, dinani kagudumu kaja n'kusankha Forget VPN, ndipo pa iPhone sankhani Delete VPN. Mukapeza pamenepo dzina lina limene simunaike inu, makamaka pa foni yogula kwa munthu kapena imene yangochoka kokonzetsa, lichotseninso, kenako musinthe mapasiwedi a imelo ndi a Facebook.